Mmene Boti la Thanga Limayendera Molimbana ndi Mphepo

Palibe boti la thanga limene lingayende molunjika kumene mphepo ikuchokera. Munthu akaloza mutu wa boti kumeneko, thanga limangokupiza, boti limaima, kenaka limayamba kubwerera m'mbuyo. Komabe boti lomwelo lingathe kukafika pamalo amene ali ndendende kochokera mphepoyo likamayenda mopingasa. Limapita kaye cha kumanja, kenaka n'kukhota kupita cha kumanzere, ndipo ulendo uliwonse limasendera pafupi ndi kumene likufuna. Luso limeneli ndi limene limatenga nthawi yaitali pophunzira kuyendetsa kaboti kakang'ono ka thanga, ndipo ndi limene limachititsa kuti munthu amene wachoka pagombe athe kubwererapo.

Asodzi ena a panyanja ya Malawi amaimika nsalu kapena masaka pabwato mphepo ikakhala kumbuyo kwawo, koma pobwerera amagwira nkhafi. Bwato wotere umangotengeka ndi mphepo chifukwa pansi pake palibe chougwira m'madzi kuti usatsetsereke cham'mbali. Maboti ang'onoang'ono ophunzirira, amene amatchedwa madingi, anapangidwa mosiyana. Odziwika kwambiri ndi awiri. Optimist, imene inakonzedwa ndi Clark Mills ku Florida mu 1947, ndi ya ana, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 2.3. Laser, imene inakonzedwa ndi Bruce Kirby wa ku Canada, ndi yotalika mamita 4.2 ndipo thanga lake lalikulu ndi la masikweyamita 7. Onse awiri amayendetsedwa ndi munthu mmodzi ndipo ali ndi thanga limodzi lokha. Zimene zikufotokozedwa pano n'za boti la mtundu umenewu.

Zida zake n'zochepa. Pali mlongoti, umene umaimika thanga, ndi bumu, womwe ndi mtanda wogona umene umagwira m'munsi mwa thanga. Chingwe chimodzi chimachokera ku bumu kupita m'dzanja la woyendetsa, ndipo ndi chimene chimakoka thanga kapena kulimasula. Kumbuyo kuli tsigiro, lomwe limagwedezedwa ndi mpini wokhala ndi ndodo yowonjezera kuti munthu aziugwira ali chikhalire m'mphepete mwa boti. Pakati pa boti pali mpata wopapatiza umene mumalowa thabwa lopyapyala lopita pansi pa madzi. Thabwa limeneli silioneka boti likamayenda, koma popanda ilo boti silingasendere kumphepo ngakhale pang'ono.

Mbali zimene boti lingalowere

Ophunzitsa amakonda kugwiritsa ntchito nkhope ya wotchi. Boti lili pakati, ndipo mphepo ikuchokera pa 12 koloko. Chigawo chonse chochokera pa hafu 10 kufika pa hafu 1 n'chosayendeka, chifukwa thanga silingagwire mphepo m'menemo. M'mawerengedwe a madigiri, ndi madigiri pafupifupi 45 mbali iyi ndi 45 mbali inayo, onse pamodzi 90. M'mphepete mwenimweni mwa chigawo chimenechi ndi mmene boti limayenda likamalimbana ndi mphepo, thanga litakokedwa kwambiri ndipo thabwa litatsitsidwa lonse.

Boti likaloza pa 3 koloko kapena pa 9 koloko, mphepo imaliomba m'nthiti. Apa thanga limamasulidwa mpaka theka, thabwa limakwezedwa pafupifupi theka, ndipo boti limathamanga bwino popanda kuvutitsa. Wophunzira aliyense amayambira pamenepa, kupita ndi kubwerera, mpaka manja atazolowera mpini ndi chingwe. Likaloza pa 4 kapena pa 8 koloko, mphepo imachokera kumbuyo cham'mbali, ndipo thanga limamasulidwanso. Pa 6 koloko mphepo imakhala kumbuyo kwenikweni, bumu imatuluka pafupifupi mopingasa boti, ndipo thabwa lalikulu limakhala lili pamwamba. Lamulo lake ndi limodzi: boti likamayandikira kochokera mphepo, thanga limakokedwa ndipo thabwa limatsitsidwa, likamatalikirako, thanga limamasulidwa ndipo thabwa limakwezedwa.

Zonsezi zimadalira kudziwa kumene mphepo ikuchokera, ndipo ophunzira ambiri amasochera pamenepa. Mphepo imadziwika poona timafunde pamadzi, utsi wa pagombe, mbendera, kapena maboti omangidwa amene mitu yawo imaloza kumphepo. Imamvekanso pankhope: munthu akatembenuza mutu mpaka mphepo imveke mofanana m'makutu onse awiri, mphuno yake ikuloza kumene ikuchokera.

Chimene chimakokera boti kutsogolo

Mphepo ikakhala kumbuyo, imangokankha thanga. Koma boti likamalimbana ndi mphepo, thanga limagwira ntchito ngati phiko la ndege loimirira. Mphepo imalowera cha pamlongoti n'kudutsa mbali zonse ziwiri za thanga, ndipo chifukwa chakuti thangalo n'lopindika, limaikhotetsa. Kuseri kwa thanga mpweya umathamanga ndipo mphamvu yake yopanikiza imachepa, pamene mkati mwake mphamvuyo imachuluka. Kusiyana kumeneku kumakoka thanga lonse kulowera kuseri kwake. Vuto n'lakuti mphamvu yambiri imakokera boti cham'mbali, ndipo yopita kutsogolo ndi yochepa chabe.

Apa ndi pamene thabwa la pansi limagwirira ntchito. Limakana kukankhidwa cham'mbali koma limadutsa mosavuta m'madzi kupita kutsogolo. Thanga likupanikiza mbali iyi, thabwa likupanikiza mbali inayo, ndipo boti limapulumukira kutsogolo monga imachitira njere ya dzungu yonyowa ikafinyidwa pakati pa zala ziwiri. Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti thabwa limagwira bwino madzi pokhapokha madziwo akamalidutsa mofulumira. Boti likamayenda pang'onopang'ono, thabwa limalephera ndipo boti limatsetsereka cham'mbali. Tsigiro nalonso ndi chimodzimodzi, silingakhotetse boti limene laima. Choncho chinthu choyamba poyenda molimbana ndi mphepo ndi liwiro, ndipo kuloza pafupi ndi mphepo kumabwera pambuyo pake. Zolakwa zambiri za ophunzira zimachokera pa kusintha dongosolo limeneli.

Pali chinanso chimene chimasokoneza. Mphepo imene woyendetsa amaimva ali m'boti si yofanana ndi imene munthu woima pagombe akuimva, chifukwa kuyenda kwa botilo kumawonjezera mphepo yakeyake yochokera kutsogolo. Ngati mphepo ikuomba pa liwiro la makilomita 15 pa ola ndipo boti likuyenda makilomita 7 pa ola litapatuka madigiri 45, woyendetsa amamva mphepo ya makilomita pafupifupi 20 pa ola, yochokera madigiri pafupifupi 30 kuchokera kumutu kwa boti. N'chifukwa chake ulendo wolimbana ndi mphepo umamveka wozizira ndi waukali kuposa wotsatira mphepo, ngakhale nyengo ili yomweyo. N'chifukwa chakenso thanga limafunika kukokedwa pang'ono boti likayamba kuthamanga. Thanga limatsatira mphepo imene ikumveka m'botimo.

Kukonza thanga ndi kuwongolera

Woyendetsa amakhala m'mphepete mwa boti mbali yochokera mphepo, moyang'anizana ndi thanga, nsana wake uli kumphepo. Dzanja la kumbuyo limagwira ndodo ya mpini ndipo la kutsogolo limagwira chingwe. Akakankha mpini kulowera kuthanga, mutu wa boti umakhotera kumphepo. Akaukokera kwa iye, boti limathawa mphepo. Poyamba zimenezi zimaoneka zosemphana, chifukwa boti limapita mbali yosiyana ndi kumene mpini waloza, koma manja amazolowera msanga.

Kuti ayambe kulimbana ndi mphepo, amachokera pamene mphepo ili m'nthiti ndipo boti likuthamanga kale. Amatsitsa thabwa lonse, kenaka amakankha mpini pang'ono kwinaku akukoka chingwe, zinthu ziwirizi zikuchitika limodzi. Amapitiriza mpaka nsonga ya bumu itafika pamwamba pa ngodya ya kumbuyo kwa boti. Pa boti la thanga limodzi, bumu siyenera kukokedwa mpaka pakati penipeni. Ikafika pamenepo mphamvu yonse imapita cham'mbali, boti limapendekeka ndipo liwiro limatha.

Kuchokera apa ntchito imasintha. M'mbali zina zonse, munthu amaloza kumene akupita n'kukonza thanga kuti ligwirizane ndi njirayo. Polimbana ndi mphepo, thanga limakhala malo amodzi ndipo boti ndi limene limawongoleredwa kuti ligwirizane ndi thanga. Maso amakhala pa mbali ya thanga yoyandikana ndi mlongoti. Woyendetsa amakankha mpini pang'onopang'ono mpaka nsalu ya pamenepo iyambe kunjenjemera ndi kutupira mkati. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti boti lalowa m'chigawo chosayendeka chija. Amakoka mpini pang'ono mpaka nsaluyo itakhazikika, ndipo pamenepo ndi panjira. Pakapita kanthawi amayesanso, chifukwa mphepo sikhala malo amodzi. Mpini umasuntha masentimita ochepa okha, ndipo boti likamasiya mzere wokhotakhota m'madzi ndiye kuti dzanja likuchita zambiri.

Matanga ambiri amamatidwa timaulusi tiwiri, kena mbali iyi kena mbali inayo, chapafupi ndi mlongoti, ndipo ka kuseri kamaoneka ngati mthunzi kupyola nsalu. Timaulusi timeneti timaonetsa mmene mpweya ukudutsira pathanga. Tonse tiwiri tikamaulukira kumbuyo mowongoka, zinthu zili bwino. Ka mbali ya woyendetsa kakayamba kuvina, boti layandikira kwambiri kumphepo. Ka kuseri kakayamba kuzungulira kapena kugwa, boti latalikira mphepo pamene thanga lidakali lokokedwa, ndipo mpweya wasiya kutsata nsalu. Vuto lachiwirili ndi lobisika kwambiri, chifukwa thanga limaoneka lodzaza bwino, silikupiza, koma boti limalemera ndi kuyenda pang'onopang'ono. Njira yokumbukira ndi yosavuta: mpini upite mbali ya kaulusi kamene kakuvina.

Palinso zingwe zitatu zing'onozing'ono zosintha maonekedwe a thanga. China chimakokera ngodya ya thanga kunsonga ya bumu, china chimakokera nsalu pansi m'mbali mwa mlongoti, ndipo china chimakokera bumu pansi. Wophunzira safunika kuzidziwa mwakuya pachiyambi. N'kokwanira kudziwa kuti mphepo ikakula, zonse zitatu zimamangitsidwa kuti thanga likhale lathyathyathya ndi kuchepa mphamvu, ndipo ikachepa zimamasulidwa kuti thanga likhale ndi mimba.

Thupi la woyendetsa ndi chida chachikulu kuposa zingwe zitatuzi. Laser yopanda zida zake imalemera makilogalamu pafupifupi 59, kutanthauza kuti munthu wamkulu amalemera mofanana ndi botilo kapena kuliposa. Boti likapendekeka, limafuna kukhotera lokha kumphepo, woyendetsa amalimbana nalo pokoka mpini, ndipo tsigiro lopingasa limasanduka mabuleki. Mpini ukamalemera m'dzanja ndipo madzi akamasokosera kumbuyo, vuto limakhala kupendekeka. Mankhwala ake ndi kulowetsa mapazi m'lamba wa pansi pa boti, kutulutsa matako kunja kwa mphepete, ndi kugonera kunja mpaka boti litawongoka. Akhalenso chapakati, pafupi ndi thabwa, chifukwa akakhala kumbuyo kwambiri boti limamiza kumbuyo n'kumakoka madzi.

Mphepo yamphamvu yodzidzimutsa imaoneka isanafike. Imabwera ngati chigamba chakuda pamwamba pa madzi, chochokera mbali ya mphepo. Ikafika, woyendetsa amagonera kunja, ndipo ngati boti likupendekekabe amamasula chingwe pang'ono kuti thanga litaye mphepo ina, kenaka n'kukokanso ikadutsa. Pa chifukwa chimenechi chingwe cha thanga sichimangidwa pachinthu ndipo sichikulungidwa kudzanja.

Kukhota modutsa mphepo

Boti likayenda mbali imodzi mokwanira, liyenera kukhota kuti mphepo iyambe kuomba mbali inayo ya thanga. Mutu wake umadutsa chigawo chonse chosayendeka, madigiri 90, ndipo nthawi yonseyo thanga silikoka. Boti limadutsa ndi liwiro limene linali nalo kale basi. Choncho kukhota kumayamba boti likuthamanga ndipo lili kale pafupi ndi mphepo, thanga litakokedwa. Munthu akayamba kukhota mphepo ili m'nthiti, ali ndi madigiri 180 oti azungulire, ndipo liwiro limam'thera panjira.

Asanakhote, woyendetsa amayang'ana kumbuyo kwa phewa lake, mbali yochokera mphepo, pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'kuona ngati kuli boti lina kapena munthu wosambira. Chachiwiri n'kusankha chizindikiro, monga mtengo kapena thanthwe, chimene chili mopingasa ndi boti, chifukwa kumeneko ndi kumene mutu wa boti udzaloze akamaliza. Amasankhanso malo amene mafunde achepa, popeza funde lomenya mutu wa boti pakati pa kukhota limaliimitsa. Ngati m'boti muli anthu awiri, woyendetsa amachenjeza mnzake ndi kudikira kuti ayankhe.

Kenaka amakankha mpini kulowera kuthanga, mosagwedeza koma motsimikiza, n'kuusiya pomwepo. Mutu wa boti umakhotera kumphepo, thanga limayamba kukupiza ndipo bumu imabwera pakati. Iye amadikira mpaka bumu itayandikira, n'kuponya phazi la kumbuyo kutsidya, kuwerama pansi pa bumu atayang'ana kutsogolo, ndi kuwolokera mbali inayo. Chingwe ndi mpini zimakhalabe m'manja momwe zinali, ndipo zotsatira zake n'zakuti akakhala pansi mbali yatsopano, dzanja la mpini limakhala kumbuyo kwa nsana wake. Thanga likangodzaza mbali yatsopano ndipo mutu waloza pa chizindikiro chija, amabweza mpini pakati, dzanja lidakali kumbuyo. Boti likakhazikika m'pamene amasinthana manja: dzanja logwira chingwe limapita kumbuyo kukagwiranso ndodo ya mpini, ndipo dzanja lomasukalo limabwera kutsogolo kudzatenga chingwe. Ndi bwino kuti wophunzira ayeseze kusinthana manjaku pagombe, boti lili pamchenga, mpaka kuzichitika kosaganizira.

Akatswiri amamasula chingwe pang'ono potuluka m'kukhota, amalola boti kuti litenge liwiro, kenaka amakokanso ndi kuyandikira mphepo. Apanso liwiro ndi limene limayamba.

Zolakwa zake zimadziwika ndi zimene boti likuchita. Likazungulira mopitirira mpaka mphepo kukhala m'nthiti, ndiye kuti mpini unachedwa kubwezedwa, kawirikawiri chifukwa maso anali pamanja m'malo moyang'ana kutsogolo. Likapendekeka mwadzidzidzi kapena kugubuduzika atangokhota, ndiye kuti munthu anachedwa kuwoloka ndipo thanga linadzaza iye adakali mbali yakale. Likaima mutu uli kumphepo, thanga likukupiza pamwamba pa mutu wa woyendetsa, ndiye kuti mpini unabwezedwa msanga, kapena boti linalibe liwiro poyamba.

Kuima kotereku kumachitikira wophunzira aliyense, ndipo kukoka chingwe kapena kupukusa mpini sikuthandiza. Boti lotere limayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo likamabwerera tsigiro limagwira mosemphana. Njira yotulukira ndi kukankha zinthu ziwiri kutali ndi thupi: bumu ndi dzanja limodzi, mpini ndi dzanja linalo. Boti limabwerera m'mbuyo likukhota mpaka mphepo itayamba kuomba kunsana kwa woyendetsa. Ayenera kupirira mpaka mphepo itafika pafupifupi m'nthiti. Pamenepo amabweza mpini ndi kukoka chingwe pang'onopang'ono. Akakoka chingwe mofulumira boti lisanayambe kuyenda, limabwereranso kumphepo n'kuimanso. Kukweza thabwa pang'ono kumathandiza mphepo ikakhala yamphamvu.

Ulendo wobwerera ku Chembe

Gombe la Chembe ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, limayang'ana cha kumpoto chakumadzulo. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imachokera kum'mwera chakum'mawa, choncho pagombe limeneli imachokera kumtunda kupita kunyanja. Madzi a pafupi ndi gombe amaoneka abata chifukwa mapiri amawatchinga. Kupita cha ku chilumba cha Thumbi n'kosavuta popeza mphepo imakhala kumbuyo, koma boti likamatalikira gombe mphepo imakula, ndipo pobwerera liyenera kulimbana nayo njira yonse. Mphepo yochokera kumtunda ndi yoopsa kwambiri kwa wophunzira pa chifukwa chimenechi.

Tiyerekeze kuti boti lili kilomita imodzi kuchokera pagombe ndipo mphepo ikuchokera ndendende pamalo amene likufuna kukocheza. Woyendetsa woyamba akuyenda pa madigiri 45 ndi liwiro la makilomita 7 pa ola. Mtunda wake wonse ukhala makilomita 1.4, kaya akhote kamodzi kaya kasanu, ndipo afika patapita mphindi 12. Wachiwiri akuona gombe patsogolo pake ndipo mtima ukum'kokera kuloza mutu wa boti pafupi nalo. Akuyenda pa madigiri 38, thanga likunjenjemera, ndipo liwiro latsika kufika pa makilomita 5 pa ola. Mtunda wake ndi wofupikirapo, makilomita osakwana 1.3, koma atenga mphindi 15. Kunena zoona atenga nthawi yoposa pamenepo, chifukwa pa liwiro lochepalo thabwa silikugwira bwino ndipo boti likutsetsereka cham'mbali. Wachitatu akuopa kuyandikira mphepo ndipo akuyenda pa madigiri 60 ndi liwiro la makilomita 8.5 pa ola. Boti lake likuthamanga kuposa onse, koma mtunda wake ndi makilomita 2, ndipo afika patapita mphindi 14. Pa zolakwa ziwirizi, cha wachiwiri ndi choipa kwambiri, chifukwa boti lopanda liwiro silimvera tsigiro ndipo lidzaima pa kukhota kotsatira.

Kutsetsereka cham'mbali kumachitika ngakhale kwa woyendetsa waluso, ngakhale kuti kwa iye ndi madigiri ochepa. Njira yokuonera ndi kuyang'ana kumbuyo: mzere wa thovu umene boti likusiya ukapatuka kwambiri kulowera mbali yochokera mphepo, boti likutsetsereka. Chifukwa cha kutsetserekaku, kukhota komaliza kumafunika kuchedwetsa pang'ono. Malo okocheza akafika mopingasa ndendende ndi boti, ndi bwino kupitirira mautali angapo a boti musanakhote, apo ayi boti lidzaperewera ndipo padzafunika kukhota kawiri kowonjezera.

Mphepo yodutsa m'mapiri imasinthasintha kochokera, ndipo woyendetsa watcheru amapindula nazo. Thanga likayamba kunjenjemera mpini usanasunthe, ndipo pafunika kuthawa mphepo kuti lidzazenso, ndiye kuti mphepo yasunthira kumutu kwa boti ndipo njira yayamba kutalikira gombe. Kusintha komweko kumakomera mbali inayo, choncho ngati kwakhalitsa ndi nthawi yabwino yokhota. Mphepo ikasunthira cham'nthiti, kaulusi ka kuseri kamagwa, ndipo boti lingathe kuloza pafupi ndi gombe popanda kutaya liwiro. Kukhota kulikonse kumadya liwiro, makamaka kwa wophunzira, motero sikuyenera kuchitika pa kusintha kulikonse kwakung'ono. Kupita kutali kwambiri mbali imodzi nakonso n'kosathandiza, chifukwa mphepo ikasintha mtunda wonsewo umatayika.

Maboti awiri a thanga akamakumana mopingasana, limene mphepo ikuliomba kuchokera kumanzere ndi limene limapatuka. Ngati onse awiri mphepo ikuwaomba mbali yofanana, limapatuka ndi limene lili mbali yochokera mphepo. Thanga limabisa zimene zili kuseri kwake, choncho woyendetsa ayenera kusuzumira pansi pa bumu kawirikawiri.

Poyandikira gombe madzi amachepa kuya ndipo thabwa liyenera kukwezedwa, koma likakwezedwa boti limasiya kusendera kumphepo. Choncho thabwa limakhala pansi mpaka pomaliza, ndipo ulendo womaliza umakonzedwa kuti boti lifike mopingasa pamalo amene munthu angaime m'madzi. Pamenepo woyendetsa amakhotetsa mutu kumphepo, amamasula chingwe, amakweza thabwa ndi tsigiro, n'kutsika atagwira mutu wa boti.

Mphepo yoyenera kuphunzirira ndi ya makilomita 8 mpaka 18 pa ola, pamene madzi ali ndi timafunde koma thovu loyera likuoneka apo ndi apo kapena silikuoneka n'komwe. Thovu likachuluka pamafunde, mphepo yapitirira makilomita 20 pa ola ndipo wophunzira ayenera kudikira. Mphepo yochepa kwambiri nayonso imavuta, chifukwa sizidziwika kumene ikuchokera ndipo boti silipeza liwiro lokhotera. Malo abwino ndi amene mphepo ikuomba motsata gombe, pali boti la injini loyang'anira, ndipo aliyense wavala jekete yoyandamitsa. Boti likagubuduzika, woyendetsa salisiya kuti asambire kupita kugombe, chifukwa boti limayandama ndipo limaoneka patali kuposa mutu wa munthu. Amaonetsetsa kuti chingwe cha thanga n'chomasuka, amasambira kupita kuthabwa limene latulukira kunja, n'kulikanikiza ndi thupi lake mpaka boti litadzuka, kenaka amakwera cha mbali yochokera mphepo.